Tivi yaikulu sifuna balaza lalikulu ayi

"Balaza langa ndi laling'ono, mainchi 32 basi andikwana, yaikulu ingawononge maso a ana."

Izi tazimva kuyambira nthawi ya mativi a chimsana aja, koma tivi siyezedwa ndi kukula kwa chipinda, chofunika ndi mtunda wochokera pomwe maso anu amakhala mukakhala pa sofa kukafika pa sikirini. Tengani tepi muyeze m'masentimita kenako mugawe ndi 4, yankholo ndiye mainchi okuyenerani. Tinene kuti mwapeza masentimita 220, ndiye kuti 55 ili bwinobwino ngakhale balazalo likhale lothina bwanji. Pamtunda womwewo 32 ija ndi imene imavutitsa, mpira ukamaseweredwa mumapezeka mwasendera kumapeto kwa mpando mukutsinzinira kuti muone zigoli pakona paja, maso amatopa ndi zimenezo. Kuonera pafupi kumangotopetsa maso, sikuwaononga.

Komanso mainchiwo amayeza modutsa kuchoka ngodya ina kukafika ngodya ina, osati kuchoka kumanzere kukafika kumanja, 55 kuchoka kumanzere kukafika kumanja ndi masentimita pafupifupi 123 ndiye yezani kabati kapena khoma musanapite ku shopu.

Chenjezo lenileni lili pa zomwe mumaonera. Ngati dikoda yanu imatulutsa matchanelo osakhala a HD, sikirini yaikulu imakuza ndi zolakwika zomwe, nkhope zimaoneka zambuu ndipo zilembo zimachita tizibokositizibokosi. Zikatero sankhani ya mainchi 43, kapena kankhirani sofa m'mbuyo pang'ono.