Chotupa pakhosi: ndi chithokomiro kapena mwanabere?

Zinthu ziwiri zimene zimatupitsa khosi kawirikawiri ndi chithokomiro ndi mwanabere. Magwero ake ndi osiyana, mankhwala akenso ndi osiyana, ndipo mutha kuyamba kuzisiyanitsa muli kunyumba ndi galasi ndi kapu ya madzi basi.

Imani pagalasi pamalo owala, mukwezeko chibwano pang'ono, mumwe madzi uku mukuyang'ana chotupacho. Chithokomiro ndi chiwalo chimene aliyense ali nacho, koma chimaonekera chikatupa. Chili kutsogolo kwenikweni, kumunsi kwa khosi, ndipo chinamatirira ku kholingo. Choncho mukameza chimakwera m'mwamba kenako n'kutsika. Mwanabere sasuntha pomeza. Iye amapezeka m'mbali mwa khosi, pansi pa chibwano, kuseri kwa makutu kapena pamwamba pa fupa lopingasa lochokera pakhosi kupita kuphewa. Mukamugwira amamveka ngati nyemba pansi pa khungu, nthawi zina mmodzi, nthawi zina angapo ondondozana.

Mwanabere wopweteka, wotuluka m'masiku ochepa, kawirikawiri amasonyeza kuti thupi likulimbana ndi matenda apafupi pomwepo: zilonda zapakhosi, dzino lobooka, khutu lotuluka mafinya, kapena zipere za m'mutu mwa ana. Gwerolo likachira, iyenso amaphwa pakadutsa masabata awiri kapena atatu.

Wofunika kumuopa ndi amene sapweteka. Anthu ambiri amamusiya chifukwa sakuwasowetsa tulo, komatu ndi ameneyu amene amabisa matenda aakulu. Ngati wakula kupitirira masentimita 2, wakhala masabata oposa atatu, kapena angapo agwirana n'kukhala chibulumwa chimodzi, ganizirani za TB. TB sigwira mapapo okha, ndipo munthu wa TB ya mwanabere atha kukhala wosatsokomola n'komwe. Ena amatuluka thukuta usiku, kuonda ndi kutentha thupi madzulo, ndipo chotupacho chikakhalitsa chimafewa n'kuphulika, kusiya bala losapola. Kuchipatala amayeza HIV, popeza matenda awiriwa amayendera limodzi, ndipo amapopa timadzi ta m'chotupacho ndi singano kuti akatiyeze. Mankhwala a TB amamwedwa kwa miyezi 6 ndipo m'zipatala za boma ndi aulere. Mwanabere wolimba gwa, wosasuntha mukamukankha, makamaka wa pamwamba pa fupa lopingasa lija, atha kukhala chizindikiro cha khansa. Ameneyu musamudikire kuti aphwe.

Chithokomiro chimakula pang'onopang'ono, mwina kwa zaka, chosapweteka, ndipo chimagwira amayi kwambiri kuposa abambo. Chifukwa chake chachikulu ndi kuchepa kwa ayodini m'zakudya. Chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira chimawonjezera vutoli, chifukwa chimalepheretsa thupi kugwiritsa ntchito ayodini wochepayo. Koma si chithokomiro chilichonse chimene chimachokera ku ayodini. China chimatupa chifukwa chikugwira ntchito mopyola muyeso: mtima umathamanga, manja amanjenjemera, munthu amaonda pamene akudya bwino, amamva kutentha anzake ali phee, mwina maso amatong'oka. Chikamagwira ntchito moperewera, munthu amatopa, amazizidwa, amanenepa ndi kudzimbidwa.

Titenge chitsanzo cha mayi wa zaka 35 amene khosi lake latupa kwa zaka ziwiri. Pomwa madzi chotupa chikukwera, ndi chofewa, chili mbali zonse ziwiri za kholingo. Ichi ndi chithokomiro. Kuchipatala adzamuwerenga kugunda kwa mtima, adzamuyeza magazi kuti aone mmene chithokomirocho chikugwirira ntchito, ndipo kumene kuli makina adzamujambula khosi. Ngati magazi ali bwino ndipo akupuma ndi kumeza mosavutika, angomuuza kuti azibwera kudzaonedwa. Koma mayi yemweyo akanena kuti mawu asasa, akubanika akagona chagada, nsima ikukakamira pakhosi, kapena mbali imodzi yalimba n'kuyamba kukula msanga, afunika kutumizidwa kwa madokotala a opaleshoni mosachedwa. Akakhala woyembekezera, auze anamwino kusikelo ngakhale chotupacho chili chaching'ono, chifukwa ubongo wa mwana wosabadwayo umadalira ayodini ndi chithokomiro cha mayi ake.

Mchere wa ayodini umateteza, koma chithokomiro chachikulu chimene chakhala zaka ndipo chachita mabulumwa sichingasungunuke ndi mchere. Kuwonjezera mchere m'ndiwo kungokweza BP. Gulani mchere wa m'paketi yolembedwa kuti muli ayodini, muusunge m'botolo lotseka, pouma, kutali ndi moto ndi dzuwa.

Kaya chotupacho ndi chithokomiro kapena mwanabere, musachifinye, musachiboole, musatemepo mphini. M'khosi mumadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi. Munthu amene akulephera kupuma kapena kumeza malovu muthamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale uli usiku.