Kutacha Tulo Sitinathe

"Ndimagwira ntchito ya usiku ku famase ya chipatala china ku Mangochi kuno. Akulu anandiuza kuti zowerengera ndizisungira m'bandakucha, poti kumakhala kwazizira komanso kuli zii. N'zoona kodi?"

Ayi achimwene, malangizo amenewo ndi akale koma ngolakwika, ndipo amavulaza anthu. Thupi lili ndi wotchi yake yomwe siisamala kuti kunja kwatentha kapena kwazizira. Pakati pa 3 koloko ndi 5 koloko m'mawa kutentha kwa m'thupi kumatsika kwambiri, ubongo nkuyamba kugona timasekondi tochepa maso ali chipenyere. Choopsa n'chakuti munthu sadziwa kuti wagonapo. Mudzazindikira mukaona kuti mzere umodzi wa m'kaundula mwauwerenga katatu, kapena mwalemba 15 pomwe pamafunika 51.

Choncho ngati mwalowa 7 koloko madzulo, yambirani zofuna mutu: kuwerenga mapiritsi, kufananiza kaundula ndi zomwe zili pa shelefu, kuona masiku othera mphamvu mankhwala. Zimenezi zithe isanakwane 12 koloko. M'bandakucha muzichita zoyendayenda, monga kulongedza makatoni ndi kupukuta mashelefu.

Odwala sasankha nthawi, n'zoona. Mwana akabwera 4 koloko ndi malungo, mulingo wa mankhwala molingana ndi sikelo yake muuwerengere polemba papepala, osati pamtima, ndipo mnzanu awerengere payekha musanamuuze yankho lanu. Mukagonako mphindi 20 cha m'ma 2 koloko zimathandiza, koma mukadzuka dikirani kaye mphindi 15 mutu uyere musanagwire botolo lililonse.