Chimene chinagumuka ku Chambishi

Pa 18 Febuluwale 2025, khoma la damu la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka. Malipoti oyamba anati malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi anatsika ndi mtsinje wa Mwambashi mpaka kukalowa mu Kafue. Nsomba zinayandama mimba m'mwamba, ndipo ku Kitwe anatseka mipopi.

Ambiri akamva zoti damu amaganiza za la madzi akumwa, koma ili linali dzala la mgodi. Tiyerekeze kuti mwala uli ndi kopa wa 2 peresenti. Pa tani imodzi mupezamo makilogalamu 20 okha, otsalawo 980 ndi mwala woperedwa ngati ufa, wosakaniza ndi madzi, umene amaupopera m'damu ngati phala. Phalalo silichokamo, ngakhale mgodi utatsekedwa.

Chimene ife amisiri chimatisowetsa tulo ndi khoma. Migodi yambiri, pothawa ndalama, imakweza khoma ndi matope omwewo: damu likadzaza, amamanga mzere wina chamkati, pamwamba pa phala limene lauma kunja kokha. Pansi pake pamakhala ponyowabe. Madzi akachuluka pakati pa timchenga, timchengato timasiya kugwirana, ndiye chimene dzulo galimoto imayendapo chimasungunuka nthawi imodzi. Ku Brumadinho, m'dziko la Brazil, pa 25 Januwale 2019 khoma la mtundu umenewu linapha anthu 270, ambiri ali pa nkhomaliro, ndipo damulo anali atasiya kale kuthiramo.

Nanga asidi amachokera kuti? Ku Chambishi anali wa fakitale, amene amasungunulira kopa m'miyala. Koma dzala limathanso kudzipangira lokha. M'miyala yambiri ya kopa, golide ndi malasha muli payiraiti, mwala wonyezimira uja osadziwa amauyesa golide. Ukaperedwa n'kukumana ndi mpweya ndi mvula, salufa wake amasanduka asidi, asidiyo n'kusungunula chitsulo, kopa ndi asenike. Izi zimapitirira kwa zaka mazana.

Maso okha amaona zambiri. Ngalande ya m'munsi mwa dzala imachita utoto wa dzimbiri, miyala imamata chikasu, achule amaleka kulira. Pa khoma penipeni, opani malo onyowa nthawi ya chilimwe, ming'alu yotsata m'litali mwake, ndi dziwe lofika pafupi ndi mlomo wa khoma m'malo mokhala kutali pakati. Madzi otuluka pansi akakhala oyera, mwina ndi kukha wamba, koma akayamba kubwera amatope, ndiye kuti akudya khoma chamkati.

Boma la Zambia linathira laimu mu mtsinje, wina kumuwaza ndi ndege za asilikali. Laimu amaphadi ukali wa asidi, koma zitsulo zija sizisowa ayi. Zimangodikha m'matope a pansi pa mtsinje ndi m'madimba, ndipo madzi osefukira akabwera zimavundukanso.