Polengeza shopu yachiwiri, nenani kuti simunasamuke

Amalonda ambiri akabwera kudzasindikiza chikalata cholengeza shopu yatsopano, amafuna dzina la bizinesi likhale pamwamba m'zilembo zikuluzikulu. Ine ndimawakaniza. Munthu wodutsa pamsewu amangoponya diso kamodzi, ndipo akufuna adziwe chimene mukugulitsa komanso kumene muli. Dzina lingathe kutsika m'munsi.

Tiyerekeze mayi wogulitsa zitenje mumsika wa Limbe amene akutsegula shopu ina ku Ndirande. Mzere woyamba ungonena kuti "Zitenje tsopano ku Ndirande". Wachiwiri utchule tsiku lenileni: "Kuyambira Loweruka pa 7 Malichi, 8 koloko m'mawa". Mawu oti "Loweruka likubwerali" ndi osathandiza, chifukwa pepala limakhala pakhoma miyezi ingapo ndipo woliwerenga sadziwa kuti linamatidwa liti.

Malo muwalongosole mmene mungalondolere wakabaza. Kulemba kuti "ku Ndirande" basi n'kusocheretsa anthu, dera lija ndi lalikulu. Lembani kuti "moyang'anizana ndi siteji ya minibasi, khomo lachitatu kuchokera pachigayo, chitseko chobiriwira". Musanasindikize, patsani pepalalo munthu amene sanafikeko, muone ngati angafike osakuimbirani foni.

Mzere umene umaiwalika kawirikawiri ndi uwu: "Ku Limbe tikadalipo, malo omwe aja." Ukasowa, kasitomala wakale amaganiza kuti mwasamuka. Ngati ku Ndirande kwamutalikira, sabwera kukufunani, amangolowa kwa mnzanu woyandikana naye. Mudzazindikira kuti chikalata chasokoneza anthu mukayamba kulandira mafoni ofunsa kuti "Mayi, mwachoka kodi?", kwinaku malonda a shopu yakale akutsika sabata yomwe mwatsegula yatsopano. Amene amaimba ndi ochepa, ambiri amangosiya kubwera. Ndiye mzerewu usabisike m'tizilembo ta pansi. Ukhale pafupi ndi tsiku lotsegulira, ndipo ngati nambala za foni za mashopu awiriwa n'zosiyana, iliyonse ikhale ndi dzina la malo ake.

Mitengo ya katundu musalembe, imasintha pepala lisanang'ambike. Ngati mwatsitsa mtengo pokondwerera kutsegula, nenani tsiku lomaliza, apo ayi mudzakangana ndi munthu wobwera ndi kapepala kanu mu Juni.

Zogawa pamanja zikhale A5. Imeneyi ndi theka la A4, choncho pepala limodzi limatulutsa ziwiri. Zomata pakhoma zikhale A3, yomwe kukula kwake ndi ma A4 awiri. Pa zilembo, timawerengera kuti kutalika kwa masentimita 2.5 kumawerengeka bwino munthu ataima mamita 3, ndiye mutu wa chikalata cha pamsewu usachepere masentimita 5. Inki ya maprinta ambiri a kunyumba imasungunuka mvula ikagwa, pomwe ya fotokope imapirira. Muyambenso mwafunsa kukhonsolo komanso kwa mwini khoma musanamate.

Pomaliza, nambala ya foni muiimbe kuchokera papepala loyeserera lomwelo, musanauze wosindikiza kuti atulutse onse.