Kalata yaitali ya malamulo ikafika mu ofesi

Kalata yochokera ku bungwe loyang'anira malamulo ikafika, abwana amalemba pamwamba kuti "onse awerenge", kenako imayenda m'madesiki mpaka kukagona mu fayilo. Aliyense waiona, koma palibe amene waisenza. Ntchito yanga ndi kuiphwanya kuti ikhale mndandanda, ndipo mzere uliwonse uyankhe zinthu zitatu: tichite chiyani, pofika liti, ndipo achite ndani.

Masamba oyamba, ofotokoza chifukwa chimene kalatayo yalembedwera, ndimangowadutsa. Ndimachedwa pa gawo la matanthauzo ndi pa ziganizo zolamula.

Tiyerekeze kuti kalatayo ikukumbutsa olemba anthu ntchito za lamulo la penshoni la ku Malawi. Chiganizo chimodzi chikunena kuti wolemba ntchito azisonkha ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti, ndipo zonse zitumizidwe ku thumba la penshoni pasanathe masiku 14 mwezi utatha. Wosazolowera amakopera chiganizochi pa mzere umodzi. Komatu muli ntchito zitatu. Oona za anthu ogwira ntchito alembetse wantchito watsopano ku thumbalo. A malipiro adule gawo la wantchito ndi kuwerengera la kampani. A zachuma atumize ndalamazo. Kwa munthu amene malipiro ake owerengera penshoni ndi K400,000, ndiye kuti K20,000 yodulidwa ndi K40,000 ya kampani, zonse K60,000. Onetsetsani pa matanthauzo paja kuti ndi malipiro ati amene akuwerengedwa, chifukwa si ndalama iliyonse ya pa pepala la malipiro imene imalowamo.

Pa nthawi ndi pamene ambiri amapunthwa. Musalembe "masiku 14" pa mndandanda, poti palibe kalendala imene ili ndi tsiku lotero. Lembani kuti za mwezi wa Marichi zifike pofika pa 14 Epulo. Kenako bwererani m'mbuyo: a malipiro amalize liti kuti osayina ku banki apeze mpata? Tsikulo likagwera Loweruka kapena pa holide, ine ndimaika tsiku la ntchito la m'mbuyo mwake, osadikira kukatsutsana ndi oyendera mabuku. Pa 14 pomwepo ndi pamenenso msonkho wa PAYE umafunika ku MRA, choncho a zachuma adziwiretu kuti ndalama zonsezo zituluka sabata imodzi.

Pa danga la mwini ntchito musalembe madipatimenti awiri. Mukatero, aliyense amati mnzake watumiza. Ikani udindo wa munthu mmodzi, ena akhale othandiza. Pambali pake lembani nambala ya ndime ya m'kalatamo ndi umboni wofunika kusunga, monga risiti ya ku banki ndi ndandanda ya mayina imene inapita ku thumba.

Mndandanda ukatha ndimauyesa chobwerera. Ndimatenganso kalata ija n'kuchonga ndime iliyonse yolamula imene yapeza mzere wake. Yotsala yopanda chizindikiro, kawirikawiri imakhala ku masamba owonjezera a kumapeto, kumene amaika mafomu ndi tsiku limene zonse ziyambe kugwira ntchito.