Pangano la Chipwitikizi likabwera pa foni

Amalonda ambiri a ku Katete ndi kuno ku Chipata amagula soya ndi chimanga kwa anzathu a ku Tete, katundu n'kulowera pa Chanida. Masiku ano pangano limabwera ngati chithunzi pa Watsapu, lili m'Chipwitikizi, ndipo munthu amangoliika mu Google Translate. Ine womasulira sindiletsa zimenezi. Ngati mukungofuna kudziwa kuti pepalalo ndi lisiti, kalata kapena pangano, foni ikukwanirani. Koma pepala likafuna siginecha yanu kapena ndalama zoyambira, imani kaye.

Tiyerekeze kuti mwagwirizana matumba 300 a soya, ndipo pepala likuti mupereke 150.000,00 MT ngati "sinal". Chipwitikizi chimaika kadontho pamene ife timaika koma, choncho apa ndi ma metikali 150,000, osati 150. Pachithunzi chojambulidwa madzulo, pepala litapindika, kadontho ndi koma zimaoneka chimodzimodzi. Makina amayamba awerenga zilembo pachithunzicho kenako n'kumasulira zimene awerengazo. Akaphonya powerenga sakuuzani, amangokupatsani chiganizo chosalala bwino. Kamawu koti "não", kotanthauza kukana, kakabisika pansi pa chidindo, "wogulitsa salipira thiransipoti" imasanduka "wogulitsa alipira". Zowonjezera pamanja m'mphepete, zomwe nthawi zambiri ndiye zimene munakambirana komaliza, makina amazidumpha kapena kuzisokoneza.

Pa "sinal" m'pamene pagona nkhani. Foni ikhoza kukuuzani kuti ndi chizindikiro, kapena dipoziti chabe. Koma m'malamulo a ku Mozambique, mukapereka ndalama imeneyi kenako inu n'kulephera kukwaniritsa pangano, yapita. Akalephera ndi wogulitsayo, mungathe kufuna kuti akubwezereni kuwirikiza kawiri. Womasulira wodziwa za mapangano amakuchenjezani zimenezi, ndipo pofunika loya amanena kuti apa pitani kwa loya.

Palinso pamene simungasankhe n'komwe. Makhoti athu akuluakulu amayendetsa milandu m'Chingerezi, ndipo zimene foni yamasulira n'zovuta kuzidalira ngati umboni chifukwa palibe munthu woti afunsidwe za izo. Chofunika ndi pepala lomasuliridwa limene womasulira walembapo dzina lake, wasaina kuti wamasulira zonse mokhulupirika, ndipo kawirikawiri walumbira pamaso pa loya wolumbiritsa. Kubanki kapena ku ofesi ya boma, funsani kaye mtundu wa chitsimikizo chimene amalandira musanalipire womasulira.

Mukabwera kwa ife, chonde musabweretse tsamba limodzi lokha la mtengo. Tifuna masamba onse, kutsogolo ndi kumbuyo, kuphatikizapo la masiginecha. Pepala lenilenilo likakhala kutali, uzani mnzanuyo aliyale patebulo, ajambule masana tsamba lililonse palokha, ngodya zonse zinayi zikuoneka. Pamene sipakuwerengeka timalemba kuti sipakuwerengeka, sitilota. Pakakhala pa mtengo kapena pa tsiku lobweretsa katundu, ajambulenso musanatumize ndalama.