Kukumanitsa dzira ndi umuna mu labotale: zimene zimachitika pa thandizo la IVF

Mayi nthawi zambiri amakhwimitsa dzira limodzi pa mwezi. Pa IVF madokotala amafuna mazira angapo nthawi imodzi, chifukwa pa sitepe iliyonse ena amatsalira m'njira. Mukadziwa zimenezi, simudabwa poona nambala ikutsika tsiku ndi tsiku.

Jakisoni amayamba pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu la msambo. Ndi wa homoni yotchedwa FSH, ndipo mayi amadzibaya yekha pakhungu la pamimba tsiku lililonse, kwa masiku 8 mpaka 12. Ambiri amapatsidwa mayuniti 150 mpaka 300 pa tsiku, malinga ndi zaka zawo komanso mazira amene atsala m'thupi. Mankhwalawa amakulitsa timatumba ta madzi m'mabasiketi a mazira, ndipo kathumba kalikonse kamayembekezeka kukhala ndi dzira limodzi. Dziralo silioneka pa sikani, n'chifukwa chake dokotala amayeza kukula kwa timatumbato masiku awiri kapena atatu alionse. Pa njira yofala masiku ano, chapa tsiku lachisanu kapena lachisanu n'chimodzi amawonjezera jakisoni wina woletsa mazira kutuluka okha nthawi isanakwane.

Timatumba tingapo tikafika mamilimita 17 kapena 18, pamabwera jakisoni wokhwimitsa mazira. Uyu ndiye wofunika kuyang'ana wotchi. Mazira amatengedwa patatha maola 34 mpaka 36, ndiye mukauzidwa kubaya 9 koloko usiku Lolemba, mwina adzawatenga 8 koloko m'mawa Lachitatu. Kubaya mochedwa kumapangitsa kuti mazira apezeke osakhwima, kapena akanirire m'timatumba. Kubaya mofulumira kungachititse kuti atuluke okha dokotala asanawafike. Mukaphonya ola, musadzikonzere nokha: imbirani kuchipatala, munene nthawi yeniyeni imene mwabaya.

Tsiku lotenga mazira mumapita musanadye. Amakupatsani mankhwala ogonetsa pang'ono, kenako singano yaitali yotsogozedwa ndi sikani imalowa kudzera kumaliseche n'kuyamwa madzi a m'kathumba kalikonse. Zimatenga mphindi 20 kapena 30. Tsiku lomwelo bambo amapereka umuna. Ukakhala wabwino amangouika m'kambale kamodzi ndi mazira, koma mbewu zikakhala zochepa kapena zofooka, katswiri amatenga imodzi n'kuibayira m'kati mwa dzira. Njira imeneyi imatchedwa ICSI.

Tiyerekeze kuti sikani inaonetsa timatumba 12. Mwina papezeka mazira 10, okhwima n'kukhala 8. Patatha maola 16 mpaka 18 katswiri amayang'ana pa maikulosikopu: dzira limene lakumana bwino ndi mbewu limaonetsa timadontho tiwiri pakati, kamodzi ka mayi, kena ka bambo. Tinene kuti 6 atero. Pa tsiku lachitatu mluza wabwino umakhala ndi maselo 6 mpaka 8, koma pofika tsiku lachisanu mwina patsala miluza iwiri kapena itatu yokha. Yambiri imene imaima kukula imakhala ndi vuto la makromozomu, tizinthu ta m'maselo tonyamula zimene mwana amatengera kwa makolo, ndipo vutoli limachuluka mayi akamakula, makamaka akapitirira zaka 35. Sichikhala chifukwa cha zimene anadya kapena ntchito imene anagwira sabata imeneyo.

Chenjerani ndi masiku otsatira kutenga mazira. Mabasiketi akagwira ntchito mopitirira muyeso, madzi amatuluka m'mitsempha n'kudzaza m'mimba, magazi n'kuyamba kulimba. Zimachitika kwambiri kwa amayi achitsikana, a timatumba tambirimbiri. Kutupikana pang'ono n'kwachibadwa. Koma mimba ikamakula msanga, sikelo ikamakwera kilogalamu imodzi pa tsiku, mukamasanza, mkodzo ukachepa, mwendo umodzi ukatupa kapena mukamabanika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Dokotala akaona chiopsezochi, amaumitsa miluza yonse mu chisanu n'kudikira mwezi wina, chifukwa mimba ikangolowa matendawa amakula.

Kuika mluza m'chiberekero ndiye sitepe yopepuka, sipafunika kugonetsedwa. Kawirikawiri mumauzidwa kubwera chikhodzodzo chili chodzaza kuti sikani ione bwino. Kachubu kofewa kamadutsa pakhomo la chiberekero n'kusiya mluza m'kadontho ka madzi, kenako katswiri amakayang'ananso kachubuko kuti atsimikize kuti mluza sunatsaliremo. Kugona masiku ambiri sikuthandiza, ndipo mluza sungagwe poyenda kapena pokodza. Mabanja ambiri amapempha kuti aikidwe iwiri. Ife tikuti umodzi ndi wabwino pamene miluza ili yamphamvu, chifukwa mapasa amabadwa masiku asanakwane kawirikawiri ndipo amakweza BP ya mayi. Yotsalayo itha kusungidwa.

Mankhwala a projesteroni, homoni yothandiza chiberekero kugwira mluza, amakhala oika kumaliseche kapena obaya, ndipo amayamba mazira akangotengedwa. Musawasiye ngakhale mutaona timagazi. Mimba imayezedwa ndi magazi patatha masiku 9 mpaka 14 mluza utaikidwa. Kuyeza mkodzo kunyumba msanga kumanamiza, popeza jakisoni wokhwimitsa mazira uja, akakhala wa hCG, amatsalira m'thupi pafupifupi masiku 10, ndipo homoni yomweyo ndi imene kachipangizo koyezera mimba kamafufuza.